Anthu adzakuuzani dzina lomwe akuona kuti inu mukulifuna

"Ndikutsegula malo ogulitsira thobwa ndi zakumwa zozizira pa Ngabu. Ndatsala ndi mayina atatu. Ndingawafunse bwanji makasitomala popanda kuwakokera ku dzina lomwe ine ndikulikonda?"

Achemwali, kalata yanuyi yandikumbutsa bala lakale. Pomwe ndinkatsegula tiirumu yanga pa Nchalo, nanenso ndinali ndi mayina atatu: Chisomo, Mthunzi ndi Tiyanjane. Mtima wanga unali pa Chisomo, chifukwa ndalama zampamba ndinazipeza movutika, chaka chomwe madzi osefukira anatikokolera munda. Tsiku lina madzulo ndinaitana anthu omwe ankagula kale mandasi kwa ine, odula nzimbe, anyamata a kabaza ndi amayi a mumsika, tonse pansi pa mtengo umodzi. Ndinaimirira n'kufunsa kuti, "Nanga dzina loti Chisomo silabwino?"

Anayamba kuyankha ndi bambo wina wachikulire, yemwe aliyense amamulemekeza. Anati, "Labwino kwambiri, mwanawe." Basi nkhani inathera pomwepo. Ndani akanatsutsa mkulu pagulu? Ndani akanandikhumudwitsa ine, tiyi yemwe ndawapatsa ali m'manja? Mayina awiri enawo ndinangowatchula mothamanga, mawu ali pansi.

Ndinalipira wolemba zikwangwani. Pasanathe mwezi, ogula anayamba kudandaula kuti akatuma mwana kapena wakabaza "pa Chisomo", amakafikira pa golosale ina, mwinanso pa saluni, chifukwa dzinalo linalipo kale malo angapo. Chomwe chinandipweteka kwambiri n'choti mnyamata wina wa kabaza anadzandiuza kuti iye ankadziwa zimenezi tsiku lomwe lija, koma sanaone mpata woyankhulira.

Anthu aja sanandinamize. Kuno kuchigwa munthu akakuonetsa chinthu chake mokondwa, suyamba n'kuchinyoza, ndiye ulemu womwe tinakula nawo. Ndimakana ndithu maganizo oti kuitana gulu kapena kuponya funso pa gulupu ya WhatsApp ndi kufufuza. Pa gulupu ndiye zimanyanya: oyamba awiri akalemba dzina limodzi, otsatira amangoti "nanenso lomwelo". Abale anu ndi anzanu a kutchalitchi musawawerengere n'komwe. Amakukondani, ndipo ena mwa iwo mwawauza kale dzina lomwe lili kumtima kwanu.

Kutentha kwa kuno nakonso kuli ndi gawo lake. Munthu yemwe waima padzuwa la mu Okutobala pa Ngabu sangakhale n'kumalingalira mayina atatu. Agwira loyamba kapena lomwe walimva pomaliza kuti azipita. Mufunseni m'mawa, kapena atakhala pansi pamthunzi.

Mmene ndinachitira ulendo wachiwiri

Nditaganiza zosintha dzina la tiirumuyo, sindinafunse ndekha. Ndinatuma mtsikana yemwe sankadziwa dzina lomwe ndinkalifuna, chifukwa nkhope ya mwini imaulula ngakhale pakamwa patatsekedwa. Mayina tinawalemba pa timapepala tofanana kukula, cholembera chimodzi, zilembo zofanana, popanda maluwa kapena mtundu wina pa dzina lililonse. Kwa osawerenga ankangowatchulira, mawu osakweza kapena kutsitsa. Aliyense ankafunsidwa payekha, ena asakumva.

Mayina atatu amasanjika m'njira 6. Ndiye anthu atatu pa kasanjidwe kalikonse, onse pamodzi 18, ndipo dzina lililonse limakhala loyamba ka 6, lapakati ka 6, lomaliza ka 6. Pakati pa anthuwo tinaonetsetsa kuti pali olankhula Chisena ndi olankhula Chimang'anja, chifukwa mawu omveka bwino kwa ena akhoza kumveka mwachilendo kwa anzawo.

Funso loti "labwino ndi liti?" tinalisiya. Pa dzina lililonse ankafunsa kuti, "Mutaona dzinali pakhoma, mungaganize kuti mkatimo akugulitsa chiyani?" Kenako, "Alipo malo ena kuno omwe mumawadziwa ndi dzina lomweli?" Mayankho ankawalemba momwe munthu wanenera, osafotokozera tanthauzo la dzina, osavomereza kapena kutsutsa. Mawa lake akakumana ndi munthu uja ankangoti, "Mayina aja mukukumbukirapo ati?"

Pa Tiyanjane ambiri anati ndi banki m'khonde kapena kalabu ya alimi. Pa Mthunzi anati ndi malo opumirapo n'kumwa kanthu, ndipo ndi lomwe linkatuluka msanga pakamwa mawa lake.

Chenjezo langa ndi limodzi. Anthu 18 ndi ochepa, choncho dzina lina likakumbukiridwa ndi anthu 10 lina ndi 8, musanene kuti lapambana, kusiyana kotere kungabwere mwangozi. Chomwe anthu ochepawa angakuonetseni bwino ndi dzina lomwe likusocheretsa, lovuta kutchula, kapena lomwe lili kale pakhoma la wina. Limenelo lichotseni, ngakhale likhale lomwe mumalikonda. Akatsala awiri ofanana mphamvu, sankhani nokha, musabwererenso kwa anthu omwe aja.