Kugawana phindu la golosale mlamu akalowa

"Ine ndi achimwene tili ndi golosale ku Area 25. Iwo anaika K10 miliyoni, ine K5 miliyoni, koma wokhala pakauntala tsiku lonse ndine. Tigawane bwanji? Mlamu wathunso akufuna kulowa."

Achemwali, musathamangire kugawa phindu lonse. Muyambe mwachotsa malipiro anu ndi chiwongoladzanja cha mpamba, zotsalazo ndiye mugawane.

Tiyerekeze kuti chaka chino mwapindula K6 miliyoni, ndipo munalemberana kuti mpamba uzibala 10 peresenti, inu muzilandira K1.5 miliyoni pachaka, zotsala zizigawidwa 2:1. Chiwongoladzanja cha achimwene ndi K1 miliyoni, chanu K500,000. Mukachotsa zimenezi ndi malipiro anu patsala K3 miliyoni: iwo ziwiri, inu imodzi. Aliyense watenga K3 miliyoni. Mukanangogawa 2:1 basi, thukuta lanu likanapita pachabe, mukanapeza K2 miliyoni yokha. Koma zilembedwe ndithu, chifukwa popanda mgwirizano lamulo limati mugawane mofanana, popanda malipiro.

Za alamuwo ndiye musamale kwambiri. Asanalowe, werengani katundu yense pamtengo wa lero, mafiriji ndi matumba a shuga omwe. Chimene chakwera nchanu awirinu, 2:1.

Palinso dzina la golosaleyo, makasitomala amene munawazoloweza. Tinene kuti mwaliika pa K3 miliyoni, ndipo alamu atenga gawo limodzi mwa magawo anayi, kagawidwe kakhala 2:1:1. Iwo alipire K750,000 pamwamba pa mpamba wawo. Achimwene alandire K500,000, inu K250,000, malinga ndi gawo limene aliyense wataya. Phindu la miyezi imene alamu anali asanalowe, lisawakhudze.