Kulemba za utsogoleri pa bayo

"Ndikufunsira ntchito ku bungwe lina kuno ku Nkhotakota, akuti tilembe kabayo kachidule kosonyeza utsogoleri ndi kugwira ntchito ndi anzathu. Kulemba kuti ndine mtsogoleri wabwino sikukwanira?"

Ayi achemwali, mawu amenewo aliyense amalemba, olemba ntchitowo amangowadumpha. Muwapatse nkhani imodzi, ziganizo ziwiri basi: vuto linali chani, inu munapangapo chani, zinatha bwanji.

Tiyerekeze munali mlembi wa banki mkhonde ku Dwangwa. Mulembe chonchi: "Ndinali mlembi wa gulu la amayi 25. Ngongole zitayamba kuchedwa ndinayambitsa zowerenga kaundula pamaso pa onse sabata iliyonse, pogawana mu Disembala aliyense analandira masheya ake onse." Mawu oti mtsogoleri mulibemo koma munthu akuona yekha. Manambalawo muike anu enieni, pa intavyu amafunsa ndipo wabodza amagwidwa pompo.

Za timu ndiye pamene ambiri amasokoneza, amalemba "tinapanga, tinakonza" mpaka osadziwika kuti iwowo anagwira chani, ena nawonso "ndina-" yekhayekha ngati anzawo kunalibe, zimenenso sizisangalatsa olo pang'ono. Sakanizani: "Ine ndi msungichuma tinagawana mayina a obweza mochedwa, ine ndimayendera a kutali." Apa gawo lanu likuoneka, la mnzanu likuonekanso.

Mukamaliza muyese chonchi, ngati chiganizocho mnzanu wina aliyense angachikopere pa bayo yake osasintha kanthu, chifufuteni. Udindo ngakhale wa kwaya umawerengedwa, bola zotsatira zake zioneke.