Laputopu ikabedwa pa ulendo, chimateteza mafayilo ndi chiyani?

"Achimwene, ndimayang'anira makompyuta pa ofesi yathu ku Ulongwe. Tili ndi malaputopu 14, ndipo anzanga amayenda nawo kawirikawiri ku Tsangano, ku Furancungo ndi ku Tete. Imodzi inasowa mu chapa mwezi watha. Abwana akufuna kuti tizitha kufufuta zonse tili kutali. Ndiyambire pati?"

Achemwali, pepani ndi zomwe zinachitikazo. Koma musayambire pa kufufutako, yambirani pa kukhoma disiki.

Lamulo lofufuta, monga Wipe ya mu Intune, pulogalamu ya Microsoft yoyang'anira makompyuta uli kutali, silifika pa laputopu pokhapokha itayatsidwa, Windows itadzuka, n'kulumikizidwa pa intaneti. Wakuba wochenjera sachita zimenezo. Amamasula disiki n'kuilumikiza pa kompyuta ina, ndipo ngati disikiyo ndi yosakhoma amawerenga chilichonse osafunsidwa pasiwedi. Inu kuno mwadina Wipe, koma lamulolo langokhala pamzere kudikira. BitLocker ndiye imasokoneza zonse zolembedwa pa disiki kuti zisawerengeke popanda kiyi, kaya kuli netiweki kaya kulibe.

Choyamba onani mtundu wa Windows. BitLocker yathunthu imapezeka pa Pro, Enterprise ndi Education. Malaputopu ambiri ogula m'sitolo amabwera ndi Home, ndipo amenewo muyenera kuwakweza kaye kuti akhale Pro. Kenako koperani mafayilo a munthuyo pena pake, lumikizani chaja, muyambe ndi malaputopu awiri okha a anthu amene sakuyenda sabata imeneyo. Mukamayatsa BitLocker, ikakufunsani, sankhani kukhoma disiki yonse, osati malo olembedwa okha, popeza pa laputopu yakale mafayilo ofufutidwa amakhala akadalipo pansi. Kuti mudziwe ngati zatheka, tsegulani Command Prompt ngati Administrator n'kulemba:

```
manage-bde -status C:
```

Muone `Percentage Encrypted` itafika 100 komanso `Protection On`. Mukaona `Protection Off`, chitseko chilipo koma loko wake ndi wosatseka.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa kiyi yopulumutsira. Ili ndi manambala 48, m'magulu 8 a manambala 6. Kachipangizo ka TPM kamene kamasunga kiyi m'kati mwa laputopu kakaona kuti china chasintha, monga BIOS kapena bolodi lalikulu, kamakana kutsegula, ndipo pamabwera sikirini yabuluu yofuna manambalawo. Zinandichitikira ine. Mnzathu wina ali ku Furancungo anapatsa wokonza laputopu yake chifukwa sinkalandira moto, wokonzayo n'kusintha za mu BIOS. Anandiimbira madzulo mawu akunjenjemera, lipoti likufunika m'mawa mwake. Ndinamuuza andiwerengere zilembo 8 zoyambirira za Key ID zomwe zinali pa sikirini, ndinapeza kiyi yogwirizana nazo, n'kumuwerengera gulu limodzi limodzi, iye akubwereza. Foni inaduka kawiri, koma inatseguka. Kiyi ija ikanakhala kuti sitinaisunge, palibe katswiri aliyense akanabweza mafayilo ake.

Choncho laputopu isatuluke pakhomo musanaone ndi maso anu kuti kiyi yake yasungidwa mu Entra ID kapena Active Directory, momwe mumasungidwa maakaunti a antchito ndi a makompyuta a ofesi. Ngati mulibe zimenezi, isindikizeni papepala muitsekere m'kabati ya ofesi, ndipo anthu awiri azidziwa pomwe ili. Ndakumanapo ndi pepala lotere litapindidwa m'chikwama cha laputopu yomweyo, ndipo mtima unandipweteka. Inunso mukafuna kusintha BIOS, imitsani kaye chitetezo:

```
manage-bde -protectors -disable C: -RebootCount 1
```

Kwa anthu oyendayenda ine ndimaika PIN yofunsidwa Windows isanadzuke, ya manambala osachepera 6. Dziwani kuti PIN imeneyi imachititsa kuti Wipe isafike n'komwe pa laputopu yobedwa, chifukwa wakubayo sangadzutse Windows. Musadandaule nazo, ndipo muwafotokozere abwana bwinobwino: laputopu yosatseguka ilibe chimene ingaulule. Koma PIN imafunsidwa pokhapokha laputopu inali yozimitsidwa kapena ili pa Hibernate. Munthu akangotseka chivundikiro n'kuthamangira chapa, ili pa Sleep, ndipo kiyi ikadali m'memore. Aphunzitseni kudina Shut down asanakwere galimoto, ngakhalenso asanafike pa chipata cha Zobue kapena Calomue.

Kufufuta uli kutali kuli ndi malo ake ndithu: laputopu yotengedwa ili yoyaka, kapena wantchito amene wasiya ntchito osabweza. Laputopu iyenera kulembetsedwa mu Intune isanasowe, ndipo pamafunika laisensi yolipira. Yesani Wipe pa laputopu imodzi yopanda ntchito muone mmene imachitira, ndipo muziyang'ana tsiku limene laputopu iliyonse inalumikizana komaliza. Mugwirizanenso ndi abwana za amene amapereka chilolezo chofufuta, chifukwa ikapezeka pansi pa mpando wa galimoto mawa lake n'kulowa pa intaneti, mafayilo osakopera amapita onse.

Ya mwezi watha ija, ngati inali yosakhoma, itengeni ngati kuti zonse zawerengedwa. Sinthani lero pasiwedi ya imelo ya mwini wake, ya Wi-Fi ya ofesi ndi ena onse amene anasungidwa mu bulawuza, kenako mutulutse akaunti yake pa zipangizo zonse zomwe inalowapo.