Ndizitsegula imelo kangati pa tsiku osataya makasitomala?

Funso: Ndili ndi bizinesi yaying'ono yoperekera mapepala, inki ndi zolembera m'maofesi. Maoda ambiri amabwera pa imelo, ndiye foni ikangolira ndimasiya chilichonse n'kuyang'ana. Tsiku limatha invoisi ndisanamalize ngakhale imodzi. Mnzanga akuti ndiziyang'ana katatu kokha pa tsiku, koma ndikuopa kuti oda idzapita kwa ena. Nditani? Ndine mayi wogwira ntchito ndekha.

Yankho: Mayi, katatu n'kokwanira pa bizinesi ngati yanu, bola nthawi zitatuzo musazisankhe mwachisawawa. Zichokere pa zinthu ziwiri: nthawi imene makasitomala anu amalemba, ndi nthawi imene zinthu zimatsekedwa kwa amene mumapikulako katundu.

Yambani ndi kuwerenga zimene muli nazo kale. Ngati mumagwiritsa ntchito Gmail, lembani izi pamalo ofufuzira:

```
in:inbox newer_than:14d
```

Mudzaona maimelo a masiku 14 apitawa. Siyani otsatsa malonda, muwerenge a makasitomala okha. Pa iliyonse lembani pa pepala ola limene inafika, kenako dzifunseni moona mtima kuti mukanayankha patatha maola atatu, ndalamayo ikanatayika kapena ayi. Wogula zinthu mu ofesi akapempha kotesheni, kawirikawiri amapempha kwa ogulitsa angapo, n'kudikira kuti onse ayankhe asanakapereke kwa bwana wake. Iye amafuna yankho lolondola lisanathe tsiku. Kuyankha m'mphindi ziwiri mtengo uli wolakwika sikukupezerani oda.

Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, pepala lanu laonetsa kuti maimelo ambiri amafika pakati pa 8 ndi 11 koloko, ndipo kumene mumapikula amasiya kulandira maoda a katundu wa mawa 3 koloko masana. Ine ndingaike 9:00, 12:30 ndi 4:00. Ya 9:00 itenga zonse za usiku ndi za m'mamawa. Ya 12:30 itenga zotsala za m'mawa, n'kukusiyirani maola awiri ndi theka oti mutsimikizire mtengo ndi kuitanitsa katundu asanatseke. Ya 4:00 ndi ya amene alemba masana, kuti asagone opanda yankho. Mpata waukulu apa ndi maola atatu ndi theka, ndipo nambala imeneyi ndi imene muyenera kuisunga m'mutu, chifukwa ndi nthawi yaitali kwambiri imene munthu angadikire ntchito ili mkati. Mukanasankha 9:00 ndi 4:00 kokha, oda yofika 9:40 mukanaiona kopikula atatseka kale, ndipo katunduyo akanachedwa ndi tsiku lathunthu. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, kenako n'kunena kuti njirayi sigwira ntchito.

Nthawi iliyonse ipatseni mphindi 20 mpaka 30, ndipo mukhale pansi pomwe pali mndandanda wa mitengo ndi buku la maoda. Chimene chakhala chikukudyerani tsiku si kuwerenga kwenikweni, koma kutsegula imelo muli pamalo poti simungayankhe. Mwaiwerenga, yasiya kuoneka yatsopano, mwati ndiyankha kenako, ndipo yakwiriridwa ndi zina. Choncho imelo iliyonse imene mwatsegula ichoke ndi chigamulo. Yofuna yankho lalifupi yankhani pompo. Yofuna kotesheni yaitali yankhani mzere umodzi, monga "Ndalandira, kotesheni ndikutumizirani pofika 2 koloko," n'kulemba ntchitoyo m'buku. Yoti idikire tsiku lina, dinani Snooze kuti idzatulukenso pamwamba pa tsiku ndi ola limene mwasankha. Nthawi ikakwana tsekani, ngakhale mutaona ina ikulowa.

Zonsezi sizingatheke foni ikamalirabe. Mu Gmail ya pafoni lowani pa Settings, sankhani akaunti yanu, ndipo pa Notifications muike None. Pa kompyuta tsekani tsamba la imelo lonse, osati kungolibisa kuseri kwa lina. M'malo mwake tcherani alamu katatu pa nthawi zanu zija.

Mantha anu a oda yachangu ali ndi mankhwala ake, ndipo ndi khomo lachiwiri. Pansi pa imelo iliyonse yotumiza, pamene pamakhala dzina la bizinesi, onjezerani mawu akuti: "Maimelo timayankha 9:00, 12:30 ndi 4:00. Ngati n'zachangu, imbani pa nambala ili m'munsiyi." Makasitomala anu akuluakulu atatu kapena anayi auzeni pakamwa, chifukwa mawu a m'munsi ambiri sawawerenga. Munthu amene inki yamuthera ali pakati posindikiza amaimba, salemba imelo. Sindikulimbikitsani kuika yankho lodzitumiza lokha kwa aliyense wolemba. Kasitomala wakale zimamutopetsa, ndipo watsopano amaona ngati mwatseka bizinesi mwapita kutchuthi.

Pali masiku oti lamuloli muliphwanye mukudziwa. Ngati tenda ikutsekedwa lero, kapena mukudikira kasitomala atsimikize kuti katundu anyamuke, tsiku limenelo yang'anani pafupipafupi, mawa mubwerere mwakale. Ngati mukudikira nambala yachinsinsi yolowera mu akaunti, kapena mukufuna chikalata chimene munthu anatumiza sabata yatha, lowani n'kupita pofufuzira basi, mulembe `from:` ndi adiresi yake, mutenge chimene mwadzera n'kutuluka. Msampha uli pamenepa. Mumalowa kukatenga chinthu chimodzi, maso n'kugwera pa maimelo atsopano, ola n'kutha. Ndi bwino kuti musanatseke 9:00 ija mukopereretu mu kompyuta zikalata zonse zimene mugwiritse ntchito m'mawawo.

Mwina mnzanuyo anamva za kafukufuku wa Kostadin Kushlev ndi Elizabeth Dunn a ku University of British Columbia, wofalitsidwa mu 2015. Anthu 124 anauzidwa kuti sabata imodzi aziyang'ana imelo katatu kokha pa tsiku, sabata ina mmene angafunire, ndipo sabata ya katatu ija nkhawa yawo inali yocheperapo. Koma dziwani kuti ankayeza nkhawa, osati malonda. Za malonda anu muyeza nokha.

Phindu lina likhudza ndalama mwachindunji. Pafoni kawirikawiri mumaona dzina la wotumiza, adiresi yake yonse imabisika mpaka mutadinapo. Akathyali amadalira zimenezi. Amalemba ngati ndi amene mumapikulako, n'kunena kuti asintha akaunti ya kubanki, mulipire lero lomwe. Woyankha ali chiimire amagwa mosavuta kusiyana ndi wokhala pansi amene ali ndi mpata woona adiresi bwinobwino. Imelo yosintha akaunti yolipirira musaimvere musanaimbe pa nambala imene munali nayo kale, osati yolembedwa mu imeloyo.

Yesani kwa masabata awiri, mukulemba zinthu ziwiri zokha: anthu amene aimba kufunsa ngati mwaona imelo yawo, ndi maoda amene aphonya nthawi ya kopikula. Ngati oimbawo ndi amene analemba chapakati pa m'mawa, sunthani ya 12:30 ifike 11:30, kapena onjezerani yachinayi ya mphindi 10. Ngati mphindi 30 sizikukwana, vuto si nthawi koma kuchuluka kwa zosafunika: dinani Unsubscribe pa otsatsa malonda, ndipo mayankho amene mumalemba mobwerezabwereza, monga a mitengo ndi a kalipiridwe, asungeni pamodzi kuti muzingokopera n'kusintha dzina ndi kuchuluka kwa katundu.