Redi doti, leza kapena zolozera zachitsulo: chofulumira ndi chiti pochalira?

Kalata iyi yachokera kwa bambo wina wa ku Salima:

"Ndili ndi zaka 48. Ndili ndi mfuti ya mpweya yothyola pakati, ya mapeleti, imene ndimaphera makoswe m'nyumba yosungiramo mpunga, ndipo Loweruka timapikisana ndi anzanga kuwombera zitini pa mamita 20. Masiku ano ndikamachalira ndi tizitsulo timene inabwera nato ndimachedwa, khoswe amathawa ndisanakonzeke. Mnzanga akuti ndigule leza, wina akuti redi doti. Ndalama ndili nazo za chimodzi. Chofulumira ndi chiti?"

Bambo, gulani redi doti, cholozera chagalasi choonetsa kadontho kofiira. Leza, kanyali koponya kadontho ka kuwala pa chandamale, ili ndi malo amodzi okha kumene ingapose redi doti, ndipo tifikako, koma tiyambe ndi chimene chikukudyerani nthawi, chifukwa sindikukhulupirira kuti ndi manja anu.

Zolozera zachitsulo zimafuna kuti diso liyike zinthu zitatu pamzere umodzi: kampata ka kumbuyo, kamutu ka kutsogolo kwa mpope, ndi chandamale. Kampata kali pafupi ndi nkhope, kamutu kali kutalika ngati mkono wotambasula, chitini chili pa mamita 20. Diso la munthu limaona bwino mtunda umodzi pa nthawi imodzi. N'chifukwa chake aphunzitsi amati yang'anitsitsa kamutu ka kutsogolo, zinazo zizioneka mwachimbuuzi. Ndiye khoswe akatulukira, diso limayamba lili pa khosweyo, kenako libwerere pa kamutu, lione ngati kali pakati pa kampata, lipitenso kukaona ngati khoswe akadalipo. Mnyamata wa zaka 20 amachita zimenezi osazindikira n'komwe. Munthu akapitirira zaka 40, kagalasi ka m'diso kamayamba kuuma, ndipo kusintha kuchoka patali kubwera pafupi kumatenga nthawi. Ngati mwayamba kutalikitsa foni powerenga uthenga, vuto lake ndi lomwelo.

Simungangothamanga n'kusiya kuwongola tizitsuloto, chifukwa kuphonyetsa pang'ono kumakula ndi mtunda. Tinene kuti pa mfuti yanu kuchoka pa kampata kufika pa kamutu ndi masentimita 40. Mamita 20 ndi masentimita 2,000, kutanthauza kuti mtundawo ndi wautali maulendo 50. Kamutu kakapendekera kumbali ndi milimita imodzi yokha, peleti ipita kumbali mamilimita 50, omwe ndi masentimita 5. Kachitini ka tomato mwakaphonya kapena mwangokakhudza m'mphepete. Pa mamita 10 kulakwa komweko ndi masentimita 2.5, ndipo pa mamita 5 n'kongopitirira sentimita imodzi. Apa m'pamene anthu ena amanena kuti zachitsulo n'zofulumira, ndipo sakunama: pafupi kwambiri, pa chinthu chachikulu, munthu wozolowera amangoika kamutu pa chinthucho n'kuwombera. Mtunda ukakula kapena kuwala kukachepa, liwiro limenelo limatha.

Redi doti imachotsa ntchito yonseyo. M'kati mwake muli kanyali kakang'ono kofiira kamene kamaunika pa galasi lokhota, ndipo galasilo limabweza kuwalako m'diso mwanu mwa njira yoti kadontho kazioneka ngati kali kutali, pa chandamale pomwepo. Palibe chimene chimatuluka kutsogolo. Mnzanu ataima pambali saona kadontho pa chitini. Inu mumatsegula maso onse awiri, kuyang'ana khoswe, kukweza mfuti, kadontho n'kufika pamene mukuyang'ana. Zinthu zitatu zija zasanduka ziwiri, ndipo ziwirizo diso likuziona pa mtunda umodzi. Ngakhale tsaya lanu litakhala mosiyana pang'ono ndi mmene linalili dzulo, kadontho kakakhala cha pakati pa galasi kulakwa kwake n'kochepa. Si nzeru yatsopano: Howard Grubb wa ku Ireland anapanga cholozera cha galasi lobweza kuwala mu 1900, ndipo kampani ya ku Sweden ya Aimpoint inatulutsa cha kadontho kofiira ka batire mu 1975.

Pa bokosi mudzaona palembedwa 2 MOA, 3 MOA kapena 6 MOA. Kumeneko ndi kukula kwa kadontho. MOA imodzi imaphimba pafupifupi masentimita 2.9 pa mamita 100. Kadontho ka 3 MOA, pa mamita 20 anuwo, kamaphimba masentimita osakwana 2, choncho chitini chimaonekabe mbali zonse. Ka 6 MOA diso limakapeza msanga, koma pa mtunda womwewo kamaphimba masentimita 3.5, mutu wonse wa khoswe. Kwa inu ndingasankhe 3 kapena 4.

Pali chinthu chimodzi chimene chimakhumudwitsa ogula kumene. Sabata yoyamba ambiri amachedwa kuposa kale, chifukwa amayang'anitsitsa kadontho monga ankachitira ndi kamutu kachitsulo, ndipo amadikira kuti kaime phee. Sikaima. Kamanjenjemera chifukwa manja a munthu aliyense amanjenjemera, kungoti tizitsulo tinkakubisirani. Malinga ngati kakuvina m'kati mwa chitini, kokani chala pang'onopang'ono. Njira yodziphunzitsira ndi kumata kapepala kutsogolo kwa galasi. Diso lamanja liona kadontho pa mdima, lamanzere liona chandamale, ndipo ubongo umaziphatikiza. Mukaona kuti chandamale chasowa, dziwani kuti mwabwerera kuyang'ana kadontho. Chitani izi mfuti ilibe peleti, mutaloza kukhoma kumene kulibe munthu.

Tsono leza. Iyi imaponyadi kuwala pa chinthucho, ndipo ubwino wake ndi woti simufunika kuika diso kumbuyo kwa mfuti. M'nyumba yanu ya mpunga, madzulo, khoswe ali pakati pa matumba mamita 5 kapena 6, inu mutawerama mopanda pokhazika tsaya, leza ikhoza kuposa zonse. Malo ake ndi amenewo basi. Itulutseni panja masana mu Okutobala, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, muone. Leza zambiri za pa mfuti mphamvu yake siipitirira mamiliwati 5, ndipo yofiira imazimirira pa mchenga woyera ngati wa ku Senga Bay patangopita masitepe ochepa. Yobiriwira imaoneka bwinoko chifukwa diso limamva kwambiri mtundu umenewo, koma ndi yodula, imadya batire, ndipo pa mamita 20 masana muzichita kuifunafuna.

Kufunafunako ndiye kumene kumapha liwiro. Ndi redi doti, kadontho kali m'galasi nthawi zonse, ngakhale mutaloza kumwamba kopanda kanthu. Ndi leza, mukakweza mfuti n'kuphonya chitini pang'ono, kuwala kumadutsa n'kukagwera pa tchire la kuseri, inu osakuona, osadziwa ngati muli kumanja kapena kumanzere. Mumayamba kugwedeza mpope kuti kadontho kaonekere. Anzanu a Lowerukawo amakhala atagwetsa kale chawo. Ndipo musaiwale kuti leza imawononga maso: osaloza munthu, galimoto kapena ndege, ndipo ana asaiyese choseweretsa.

Mfuti yanu yothyola pakati ili ndi mavuto akeake, ndipo apa m'pamene ndalama zimatayikira. Sipuling'i ya m'kati ikamasuka imagwedeza mfuti kumbuyo kenako kutsogolo, ndipo kugwedeza kwa mbali ziwiri kumeneku kumamasula zolozera zotchipa ngakhale mfutiyo ndi yaing'ono. Chizindikiro chake n'chakuti lero mapeleti akugwera pamodzi, mawa onse asamukira kwina, kapena kadontho kakuthima pa kuwombera kulikonse chifukwa batire likudumpha. Funsani wogulitsa ngati chinthucho chinapangidwira mfuti za sipuling'i. Yezaninso kanjanji ka pamwamba pa mfuti, komangirapo redi doti, musanapite kukagula: mfuti zambiri za mpweya zili ndi ka mamilimita 11, pamene redi doti zambiri zimabwera ndi phazi la kanjanji kotambalala ka mamilimita 20 kapena 21. Zikasiyana pamafunika kachitsulo kolumikizira. Chinanso, tizitsulo tanu tonse tiwiri tili pa mpope, ndiye mpope ukapanda kutsekeka ndendende timapita nawo limodzi. Redi doti imakhala pa thupi la mfuti, choncho ngati polumikizira mpope payamba kugwedera, mapeleti azimwazika chokwera ndi chotsika ndipo mudzanamizira galasi. Mangani kaye sikulu ya pamenepo. Leza yomangirira pa mpope ndiye imavutika koposa, chifukwa dzanja limaigunda nthawi iliyonse mukuthyola mfuti.

Mukamanga redi doti pa mfuti, ilinganizeni pa mamita 20 ndi mapeleti a mtundu umodzi, mfuti itatsamira pa thumba la mchenga. Womberani atatu papepala, sunthani kadontho kupita kumene agwera, bwerezani. Kenako pitani pa mamita 5 mukaone chodabwitsa. Galasi limakhala pamwamba pa mpope masentimita 4 kapena kuposerapo, ndiye pafupi chonchi peleti imagwera pansi pa kadontho ndi masentimita 2 kapena 3. Khoswe wa pafupi muziika kadontho pamwamba pang'ono pa pamene mukufuna kulasa. Ambiri amaphonya apa n'kumati chida n'chabodza.

Kuwala kwa kadontho kumafunanso kusintha. Mukachoka panja masana kulowa m'nyumba ya mpunga osatsitsa, kamafufuma n'kuphimba khoswe yense. Mukatuluka muli mutatsitsa, kamasowa. Ngati kakuoneka ngati nyenyezi yamiyendo kapena timadontho tambiri ngakhale mwatsitsa, kajambuleni ndi foni kudzera m'galasi. Pa chithunzi kakakhala kozungulira bwinobwino, vuto lili m'diso lanu ndipo magalasi a maso angathandize. Kakakhala kopindika pa chithunzinso, kabwezeni kwa wogulitsa. Redi doti zambiri zimagwiritsa ntchito batire lathyathyathya la CR2032, longa la m'makiyi a galimoto. Sungani lapadera, ndipo nthawi ya dzinja, ndi chinyontho cha kunyanja kuno, lichotseni mfuti ikakhala kuti ikhalitsa osagwira ntchito. Tizitsulo takale musatichotse, tsiku lina batire lidzatha khoswe ali pamaso.

Ngati mnzanu wa leza uja akutsutsabe, kayeseni Loweruka. Popeza mfuti yanu imalowa peleti imodzi, chimene chikufunika ndi nthawi yochokera pamene mwaona chinthu kufika pamene peleti yoyamba yalasa. Imani mfuti italoza pansi kutsogolo, chala chili kunja, onse ali kumbuyo kwanu, kuseri kwa zitini kuli chulu kapena khoma. Wina ajambule vidiyo n'kuomba m'manja, inu mukweze ndi kuwombera. Chitani maulendo 10 ndi chida chilichonse, muwerenge masekondi pa vidiyo, koma zophonya musaziwerengere ngati zofulumira. Yesani masana pa mamita 20, kenako madzulo m'kati pa mamita 6, ndipo redi dotiyo ipatseni kaye masabata awiri oizolowera musanaiweruze, popeza tizitsulo mwakhala nato zaka zambiri.