Ndikaletsa lero, andidula pompo?

"Alangizi, ndimalipira mwezi ndi mwezi pulogalamu yolembera malisiti ndi ngongole za makasitomala anga. Ndinalipira pa 5, lero ndi pa 12, ndipo ndikufuna kusiya. Kodi ndikaletsa lero andidula pompo, kapena ndidikire mwezi uthe?"

Musadikire, achimwene. Onse amene amandilembera akudandaula kuti awadulanso ndalama anali kudikira tsiku lomaliza, tsikulo n'kuwadutsa ali pa zina. Pa mapulogalamu ambiri olipira pamwezi, batani la Cancel subscription limangoletsa kuti asadzakutengereninso ndalama. Masiku amene munalipira kale amakhalabe anu, ndipo ndi mmene zimayendera pa Netflix ndi pa Google Play. Inuyo mwagwiritsa ntchito sabata imodzi yokha, ndiye muli ndi masabata atatu n'kakanthu, mpaka cha pa 4 mwezi wamawa. Mukaletsa, yang'anani ngati akulemberani tsiku limene ntchito ithere, ndipo mujambule uthengawo muusunge.

Kudulidwa pompo kumabwera mukadina pena. Mukapempha kuti akubwezereni ndalama, nthawi zambiri ntchito imathera pomwepo, poti simungadye nazo kuwiri. Mukadina Delete account mwafufuta akaunti yonse, masiku otsala n'kupita nawo limodzi. Nthawi yoyeserera yaulere nayonso ndi ina: simunalipire kanthu, choncho ena amatseka mukangoletsa. Koma kuchotsa pulogalamu mufoni sikuletsa chilichonse, ndalama azingodulabe.

Funso limene munayenera kundifunsa ndi lakuti munasainira mwezi umodzi kapena chaka. Kulipira mwezi ndi mwezi sikutanthauza kuti pangano lanu ndi la mwezi. Kampani ya mapulogalamu ya Adobe, mwachitsanzo, ili ndi pangano la chaka lolipira pamwezi, ndipo mukaletsa patadutsa masiku 14 oyamba mumalipira theka la ndalama zotsala. Ngati kwatsala miyezi 8, ndiye kuti mupereka ndalama za miyezi 4, pomwe ntchito ithera kumapeto kwa mwezi umene mulimowo. Pezani lisiti loyamba lija muwerenge, ngati munalisunga n'komwe. Ndikukayikira.

Ndipo apa ndi pamene mwandikwiyitsa pang'ono. Mukuwerengetsera masiku 23 a pulogalamu, pomwe ngongole zonse zimene anthu ali nazo kwa inu zili m'kati mwa pulogalamu yomweyo! Tsiku lotseka likafika, ena amakulolani kuona zolemba zanu osasintha kanthu, ena amatsekeratu, pakapita nthawi n'kuzifufuta. Kasitomala amene ali ndi ngongole kwa inu sadzabwera kudzakukumbutsani kuti anatenga zingati. Musanakhudze batani lililonse, tulutsani malisiti onse ndi mndandanda wa angongole ngati CSV kapena PDF, mutsegule mafailowo muone ngati mayina, masiku ndi ndalama zatuluka zonse. Angongole akuluakulu muwalembenso m'kope ndi cholembera, kenako mukaletse lero lomwe.