Za telesikopu ija, asuweni

"Achimwene, ndapeza telesikopu ziwiri. Ina alemba 525x pabokosi, ina sanalembe zoterozo koma ndi yodula. Yokuza kwambiri ndi iti?"

Eee asuweni, ndamva. Koma ndikukudziwani inu, ya 525 ija mwaikonda kale, mukungofuna ndidalitse. Ayi ndithu.

Mukukumbukira ya amalume? Munali wamng'ono… ayi, munalipo, ndinu munalira tsiku lija. Anabwera nayo kuchokera ku Joni, bokosi lake lojambula mapulaneti amitundumitundu. Madzulo anaitana Chilomoni yonse, akuti bwerani muone pulaneti ya Satani. Agogo anamva "Satana", anakadzitsekera m'nyumba n'kuyamba nyimbo. Amalume anaika kagalasi koyang'aniramo ka 4 mm, n'kuonjeza kochulukitsa katatu kaja. Mdima wokhawokha. Timiyendo take ngati ta udzudzu, ukangokhudza pang'ono zonse zikuvina. Anafika pomangirira njerwa pakati ndi chitenje cha azakhali, nkhondo yake mukuidziwa. Kenako anafuula kuti ndamupeza! Linali babu la m'phiri uko. Anthu anaombera m'manja babu.

Ndimati chiyani? Eya. 525 ija ndi masamu chabe. Paipi ya 700 mm kugawa ndi kagalasi ka 4, ndi 175, kuchulukitsa katatu, 525. Sananame, koma galasi lakutsogolo ndi 60 mm basi. Malire a kukuza kwake, tengani mamilimita a galasi muchulukitse kawiri. Ndiye 120. Mukapitirira pamenepo mukungokuza chimbuuzi, ngati kukoka chithunzi chosaoneka bwino pafoni. Ndiponso fumbi ndi utsi wa Okutobala kuno, ngakhale 120 yomweyo simuifika masiku ambiri.

Choti mufunse ndi kukula kwa galasi, chifukwa ndilo limatunga kuwala. La 130 mm limatunga pafupifupi kasanu kuposa la 60. Mphete za Satani zimaoneka kale pa 50x, miyezi inayi ya Jupita ngakhale pa 30x.

Ndiye miyendo… mmm, mwinanso ndikanayambira pamenepa. Dziko likuzungulira, ndiye pa 100x pulaneti imatuluka m'galasi pakangotha mphindi ziwiri. Muziikankha pang'onopang'ono, ndipo ikamagwedera mwaitaya. Musanalipire, iguguleni… ayi, igogodeni ndi chala muli chiyang'anire. Ikapitirira masekondi atatu ikunjenjemera, isiyeni. Ine ndingatenge ya Dobisoni, yokhala pabokosi lamatabwa, mumangoikankha ndi dzanja. Zija zolozetsa ku nyenyezi ya kumpoto zisiyeni kaye, nyenyeziyo kuno ku Blantyre sioneka n'komwe.

Ndiye galasi lalikulu, miyendo yolimba. Mwamva asuweni? Galasi ndi miyendo, osati nambala ya pabokosi. Nditumizireni chithunzi cha inayo ndione mamilimita ake. Ndipo amalume asamve uthengawu, mpaka lero amati anali Satani.